Timabowo Tiwiri Touza Ndege Liwiro ndi Paipi Kuchuluka kwa Madzi

Ndege yaikulu ikaima pabwalo kwa nthawi yaitali, pafupi ndi mphuno yake pamalendewera tinsanza tofiira. Munthu woonera patali angaganize kuti ndi zokongoletsa, koma kansanza kalikonse ndi mchira wa chivundikiro chimene chatseka kachubu kachitsulo, kokula ngati chala chamkombaphala, koloza kutsogolo. Tinsanzato timaikidwa tofiira dala kuti woyendera ndegeyo isananyamuke asalephere kutiona. Chivundikiro chimodzi chikaiwalika, woyendetsa ndege amathamanga pamsewu wonyamukira osadziwa liwiro limene akuthamangira.

Kachubuko kamatchedwa Pitot, dzina la munthu amene anakatulukira. Kali ndi m'bale wake amene sauluka: chigawo cha paipi chopanikizika pakati ngati chiuno cha mavu, chimene chimakhala m'malo opopera madzi ndi m'mafakitale, n'kumauza akatswiri kuchuluka kwa madzi odutsa. Ichocho dzina lake ndi Venturi. Zida ziwirizi zimaoneka zosiyana, koma nzeru yake ndi imodzi, ndipo nzeruyo njodabwitsa. Palibe chimene chimayeza liwiro. Zonse zimayeza pulesha, mphamvu imene madzi kapena mpweya umakankhira, pa mabowo awiri, kenako liwiro limapezeka pochita masamu ndi kusiyana kwa mapuleshawo. Wodziwa zimenezi amadziwanso nthawi imene zidazi zikunena zoona ndi nthawi imene zikunama.

Nkhaniyi inayambira mumtsinje. M'chaka cha 1732, katswiri wa ku France Henri Pitot ankafuna kudziwa liwiro la madzi a mtsinje wa Seine mumzinda wa Paris, osati pamwamba pokha koma ngakhale pansi. Njira imene inalipo inali yoponya kanthu koyandama n'kuwerenga nthawi imene katenge pa mtunda wodziwika. Njirayo imanena za madzi a pamwamba okha. Pitot anamangirira machubu awiri agalasi pathabwa. Imodzi inali yowongoka, kukamwa kwake kutaloza pansi. Inayo inali yopindika kumapeto ngati ndodo ya gogo, kukamwa kwake kutayang'ana kumene madzi akuchokera. Ataviika thabwalo, madzi mu chubu yowongoka anakwera kufika pamene panalekeza mtsinjewo, koma mu chubu yopindika anakwera kupitirira pamenepo.

Chifukwa chake chimaoneka pa mlatho uliwonse nthawi ya dzinja. Madzi othamanga akagunda chipilala cha mlatho, kutsogolo kwa chipilalacho amatukumuka, kupanga kachulu. Madzi amene alunjika pakati penipeni pa chipilala alibe kolowera, choncho amaima, ndipo mphamvu ya kuthamanga kwawo imasanduka mphamvu yokankha. Pakamwa pa chubu yopindika pamachitika zomwezo. Madzi a m'chubumo sayenda, motero amene akubwera amaima akafika pakhomo, n'kukankhira anzawo m'mwamba mpaka kulemera kwa madzi okwerawo kufanane ndi kukankhako. Chubu yowongoka imangomva pulesha wamba wa pamalopo, pomwe yopindika imamva pulesha wambayo kuphatikiza ya kuimitsidwa kwa madzi. Kusiyana kwa ziwirizi ndiko kumanena liwiro.

Masamu ake amalembedwa motere: v = √(2gh). Apa v ndi liwiro m'mamita pa sekondi, h ndi kusiyana kwa msinkhu wa madzi m'machubu awiriwo m'mamita, ndipo g ndi 9.81, nambala ya mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Chizindikiro cha √ chimafunsa kuti: ndi nambala iti imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ingapereke zimene zili mkatimo? Madzi akakwera masentimita 5, ndiye kuti h ndi 0.05. Kuchulukitsa 2 ndi 9.81 ndi 0.05 kumapereka 0.98, ndipo nambala yofunidwayo ndi 0.99. Mtsinjewo ukuyenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi.

Pano pali khalidwe limene limalamulira zonse za zida ziwirizi. Liwiro likawirikiza kawiri, madzi sakwera masentimita 10 monga mmene munthu angayembekezere. Amakwera 20. Likawirikiza katatu amakwera 45. Kumbali inayo, mtsinje waulesi woyenda masentimita 20 pa sekondi umakweza madzi mamilimita 2 okha, mulingo umene kafunde kakang'ono kamaufufutiratu. Chubu ya Pitot imalankhula momveka pa liwiro lalikulu, koma pa liwiro laling'ono imanong'ona.

Ndi chida chosavutachi Pitot anapeza chinthu chimene akatswiri ambiri a nthawi yake sankachikhulupirira. Iwo ankati madzi a pansi pa mtsinje ndiwo amathamanga kwambiri poti apsinjidwa ndi a pamwamba. Machubu anaonetsa kuti liwiro limachepa munthu akamatsikira pansi. Patapita zaka zoposa 120, katswiri wina wa ku France, Henry Darcy, anakonza chidacho bwino, makamaka mbali ya bowo lomvera pulesha wamba, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 1858. Masiku ano machubu awiriwo nthawi zambiri amakhala chinthu chimodzi: chubu yaing'ono mkati mwa yaikulu, bowo limodzi kunsonga, timabowo tina m'mbali mmene madzi kapena mpweya umangodutsa osagunda.

Pandege lamulo ndi lomwelo, kungoti m'malo mwa madzi muli mpweya. Aliyense amene anatulutsapo dzanja pawindo la minibasi yothamanga anamvapo pulesha imeneyi pachikhatho. Chubu ya Pitot imayang'ana kutsogolo, ndipo mabowo omvera pulesha wamba pa ndege zazikulu amakhala m'nthiti mwa ndegeyo. Masamu ake ndi v = √(2Δp/ρ), pomwe Δp ndi kusiyana kwa mapulesha awiriwo ndipo ρ ndi kulemera kwa mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse. M'mphepete mwa nyanja zazikulu zamchere, pa tsiku losatentha kwambiri, mpweya wa m'bokosi limenelo umalemera makilogalamu 1.225.

Ndege yothamanga makilomita 250 pa ola, liwiro loyandikira limene ndege zikuluzikulu zimanyamukira, imapeza kusiyana kofanana ndi madzi okwera masentimita 30, kutalika kwa rula ya mwana wasukulu. Pulesha wamba wa mpweya umene watizinga ndi wofanana ndi madzi okwera mamita opitirira pang'ono 10. Ndiye kuti chida cha woyendetsa ndege chimafunafuna masentimita 30 pamwamba pa mamita 10. N'chifukwa chake kabowo ka m'nthiti kamafunika kukhala koyera ndiponso pamalo oyenera, chimodzimodzi ka kunsonga.

Masamuwo ali ndi kachilombo kamodzi: ρ sikhala chimodzimodzi paliponse. Chida cha m'ndege chinakonzedwa ngati kuti mpweya nthawi zonse umalemera 1.225. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere, ndipo masana a mwezi wa Okutobala, kutentha kukafika madigiri 30, mpweya wa m'bokosi lija umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi yokha. Mpweya wopepukawo umakankha mofooka. Kuti muvi ufike pa 250, ndegeyo iyenera kuthamanga makilomita pafupifupi 276 pa ola. Chidacho chachepetsa liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo khumi.

Koma woyendetsa ndege sadandaula nalo bodza limeneli, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Phiko limanyamula ndege malinga ndi mmene mpweya ukulikankhira, ndipo kukankha komweko ndi kumene chubu ya Pitot imamva. Muvi ukafika pa nambala yonyamukira, phiko lakonzeka, kaya ndi ku Lilongwe kaya ndi ku Beira. Kusiyana kumaonekera pansi: ku Lilongwe kukatentha ndege imafuna msewu wautali kuti ifike pa nambala yomweyo, ndipo nthawi zina imayenera kuchepetsa katundu. Liwiro lenileni, lofunika powerengera nthawi yofika, makompyuta a m'ndege amalipeza pophatikiza kutentha ndi msinkhu umene ndege ili. Pa liwiro la ndege za jeti m'mwamba amawerengeranso kuti mpweya umafinyika ukagunda chubu, zimene masamu osavuta aja saziganizira.

Bodza loopsa ndi la bowo lotsekeka. Usiku wa pa 6 Febuluwale 1996, ndege ya Boeing 757 ya kampani ya Birgenair inanyamuka ku Puerto Plata m'dziko la Dominican Republic, itanyamula anthu 189, ambiri mwa iwo alendo a ku Germany obwerera kwawo. Ndegeyo inali itakhala pabwalo pafupifupi milungu itatu. Ikuthamanga pamsewu, pa liwiro la makilomita pafupifupi 150 pa ola pamene oyendetsa awiri amayerekeza zida zawo, kaputeni anaona kuti chida chake sichikuyenda. Cha wothandizira wake chinali bwino. Anapitiriza kunyamuka.

Itangoyamba kukwera, muvi wa kaputeni unadzuka n'kuyamba kuyenda, ndipo zinaoneka ngati vuto latha. Apa ndi pamene pali msampha. Chubu ikatsekeka kotheratu, mpweya umene unali mkati umatsekeredwa ndi pulesha ya pansi. Bowo la m'nthiti lili lotsegula, ndipo pulesha imene limamva imachepa ndege ikamakwera. Kusiyana kwa ziwirizi kumakula, osati chifukwa cha liwiro koma chifukwa cha msinkhu. Kukwera mamita 250 okha kuchokera m'mphepete mwa nyanja kumachotsa pulesha yofanana ndi masentimita 30 aja a madzi. Motero chida chakufa chimatha kuonetsa makilomita 250 pa ola, nambala yooneka yoyenera ndendende pa nthawi imeneyo. Choyezera liwiro chasanduka choyezera msinkhu, ndipo palibe chizindikiro pankhope pake chonena zimenezo.

Ndege ija inkakwerabe, nambala ya kaputeni nayo inkakwera mpaka kufika makilomita pafupifupi 650 pa ola. Makina oyendetsa ndege okha, amene ankatenga nambala kumbali ya kaputeni, anadzutsa mphuno ya ndege kuti achepetse liwiro limene kunalibe. Chida cha wothandizira chinkaonetsa pafupifupi 370, n'kumatsika. Chenjezo loti ndege yathamangitsa linalira, ndipo posakhalitsa chiwongolero chinayamba kunjenjemera, chomwe ndi chenjezo loti mapiko atsala pang'ono kulephera kunyamula ndege chifukwa chochedwetsa. Machenjezo awiri otsutsana, usiku, pamwamba pa nyanja. Ndegeyo inagwera m'madzi patangopita mphindi zochepa ndipo sanapulumuke ndi mmodzi yemwe. Ofufuza anagamula kuti chubu ya kaputeni inali yotsekeka, ndipo anaganizira kwambiri mavu omanga zisa zadothi, amtundu wonga aja omata timiphika tawo m'makona a nyumba ndi m'mabowo a maloko.

Chomvetsa chisoni n'chakuti yankho linali m'chipinda chomwecho. Ndege zazikulu zimakhala ndi machubu atatu osadalirana kuti imodzi ikanama, ziwiri zigwirizane. Ndipo chizindikiro cha chubu yotsekeka n'chodziwika: liwiro lokwera pamene ndege ikukwera popanda kuwonjezera mphamvu ya injini, lotsika pamene ikutsika. Ndege yabwinobwino imachita zosiyana ndi zimenezo, monga njinga imachedwa pokwera chitunda. Masiku ano oyendetsa amaphunzitsidwa kuti zida zikasemphana aike mphuno pa mulingo wodziwika ndi injini pa mphamvu yodziwika, ndege iziuluka kaye, kenako afufuze chida chonama. M'mwamba mdani wina ndi madzi oundana, n'chifukwa chake machubuwa amatenthetsedwa ndi magetsi. Pa 1 Juni 2009, timibulu ta madzi oundana tinatseka machubu a ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris. Kutsekekako kunatha pasanathe mphindi yathunthu, koma chisokonezo chimene kunayambitsa chinapha anthu 228.

Chubu ya Pitot imanena za malo amodzi okha, pamene pali nsonga yake. Kwa ndege zimenezo n'zokwanira. Kwa munthu wogulitsa madzi sizokwanira, chifukwa iye amafuna kudziwa malita onse odutsa m'paipi, ndipo madzi m'paipi sayenda mofanana. Pakati amathamanga, pafupi ndi khoma amachedwa, pakhoma penipeni amaima. M'mapaipi akuluakulu liwiro lapakatikati limakhala pafupifupi magawo 8 mwa 10 a liwiro la pakati penipeni. N'zotheka kulowetsa chubu ya Pitot m'paipi n'kuyeza malo ambiri kuchokera khoma lino kufika khoma linalo, ndipo akatswiri amachitadi zimenezo pofuna kutsimikiza zida zina. Koma imeneyo ndi ntchito ya maola, osati ya tsiku ndi tsiku.

Vuto limeneli ndi limene Clemens Herschel anali nalo ku Holyoke, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Iye anali katswiri wa kampani yogulitsa madzi a mtsinje wa Connecticut kwa mafakitale, ambiri mwa iwo opanga mapepala. Madzi ozunguza makina ankayezedwa, koma mafakitalewo ankatunganso madzi ochuluka otsukira kudzera m'mapaipi akuluakulu, ndipo amenewo analibe choyezera. Mu 1887 Herschel anayesa chida chatsopano pa paipi ya masentimita 30 ndi ina yaikulu ya mamita 2.7 kukula kwake pakamwa, ndipo zonse zinachita mofanana. Anachitcha dzina la Giovanni Battista Venturi, wa ku Italy, amene mu 1797 analemba za mmene madzi amachitira podutsa m'machubu opanikizika.

Chida cha Venturi chimatembenuza nzeru ya Pitot. M'malo moimitsa madzi kuti pulesha ikwere, chimawathamangitsa kuti pulesha itsike. Paipi imachepa msanga mpaka pakhosi, kenako imakulanso pang'onopang'ono kubwerera mwakale. Bowo limodzi lili m'mbali mwa paipi madzi asanafike pochepapo, lina lili pakhosi penipeni.

Kuti madzi amathamanga pakhosi, aliyense wothirira ndiwo zamasamba amadziwa: akaika chala pakamwa pa paipi, madzi amafika patali. Malita amene alowa pa sekondi ayenera kutulukanso pa sekondi, ndiye njira ikachepa liwiro limakula. Chovuta kuvomereza ndi chachiwiri. Anthu ambiri amaganiza kuti pothinapo ndi pamene pulesha imakula, poti madzi apanikizana. Zoona zake n'zosiyana. Chinthu sichiwonjezera liwiro chokha. Pamafunika kuti chokankha kumbuyo chipose chotchinga kutsogolo. Madzi amene akulowa pakhosi akuwonjezera liwiro, choncho pulesha ya kumbuyo kwawo, pamene paipi ili yaikulu, ndiyo yoposa, ndipo ya pakhosi ndi yochepa. Wothirira uja amamva kukankha pachala chifukwa chala chili kumbuyo kwa kampata, kumene madzi akuchedwa. Ubale umenewu wa liwiro ndi pulesha ndi umene umadziwika ndi dzina la Daniel Bernoulli, amene buku lake la za madzi linatuluka mu 1738.

Chitsanzo chiunika bwino. Pamalo ena opopera madzi pali paipi ya mamilimita 200 kukula kwake, ndipo khosi la chidacho ndi mamilimita 100. Kukula kwachepa ndi theka, koma mpata wodutsa madzi wachepa kanayi, chifukwa mpata wa bwalo umayendera kukula kochulukitsidwa ndi iko komwe. Ndiye kuti madzi pakhosi amathamanga kanayi kuposa m'paipi. Choyezera chikuonetsa kuti kusiyana kwa pulesha pa mabowo awiriwo n'kofanana ndi madzi okwera mita imodzi.

Masamu a Pitot akanapereka 2 kuchulukitsa 9.81 kuchulukitsa 1, zomwe ndi 19.62. Koma apa madzi sanayambire chiimire. Anali akuyenda kale m'paipi yaikulu, ndipo zimenezo ziyenera kuwerengeredwa. Popeza liwiro la m'paipi ndi gawo limodzi mwa anayi, mphamvu ya kuthamanga kwake ndi gawo limodzi mwa 16 la ya pakhosi, kotero mita imodzi ija yalipira magawo 15 okha otsalawo. Kugawa 19.62 ndi 15 n'kuchulukitsa ndi 16 kumapereka 20.9, ndipo nambala imene ikadzichulukitsa imapereka 20.9 ndi 4.57. Pakhosi madzi akuthamanga mamita 4.57 pa sekondi, pomwe m'paipi akuyenda 1.14.

Chotsala ndi kusandutsa liwiro kukhala malita. Khosi la mamilimita 100 lili ndi mpata woti madzi otalika mita imodzi mmenemo amakwana malita 7.85. Pa sekondi iliyonse padutsa mamita 4.57 a madzi otero, zomwe ndi malita 35.9. Madzi enieni amakhulana ndi khoma n'kutayako mphamvu pang'ono, choncho nambalayo imachulukitsidwa ndi chokonzera chimene chinapezeka poyesa zida zenizeni, pafupifupi 0.98 kwa Venturi wopangidwa bwino. Yankho ndi malita 35.2 pa sekondi, kapena pafupifupi 127,000 pa ola. Zonsezi zapezeka popanda gudumu kapena chilichonse chozungulira m'madzimo chimene chingathe kapena kukodwa ndi zinyalala.

Mchira wautali wa chidachi, umene umakula pang'onopang'ono pa ngodya ya madigiri 7 mpaka 15, ndiwo umachidulitsa mtengo, komanso ndiwo ubwino wake. Umalola madzi kuchepetsa liwiro mwaulemu, kotero kuti pulesha yambiri imene inatsika pakhosi imabwerera. Pa mita imodzi ija, zotayika zimakhala masentimita 10 kapena 20. Pali njira yotsika mtengo: mbale yachitsulo yoboola pakati, yopanikizidwa pakati pa mapaipi awiri. Nayonso imathamangitsa madzi n'kutsitsa pulesha, ndipo masamu ake ndi omwewo, kungoti chokonzera chake chimakhala pafupifupi 0.6, chifukwa madzi akatuluka pabowo lakuthwa amapitiriza kuwonda kupyola kukula kwa bowolo. Kuseri kwa mbaleyo madzi amavunduka, ndipo bowo likakhala theka la paipi, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kusiyana kwa pulesha amatayikiratu. Pampu ndiyo imalipira zimenezo ndi magetsi, ola lililonse, chaka ndi chaka. Pa paipi yaing'ono mbale imakwanira. Pa paipi yaikulu yopopa usana ndi usiku, kugula mbale chifukwa chotchipa ndi kusunga ndalama tsiku limodzi n'kumataya zaka makumi awiri.

Kunong'ona kuja kwa chubu ya Pitot kulinso pano. Madzi odutsa akachepa ndi theka, kusiyana kwa pulesha kumatsika kuchoka pa mita imodzi kufika masentimita 25. Akatsika kufika gawo limodzi mwa asanu, kumatsala masentimita 4. Tsopano tinene kuti choyezera chalakwa ndi sentimita imodzi. Pa mita yathunthu kulakwako kumasintha yankho ndi theka la gawo limodzi pa 100, zosadetsa nkhawa. Pa masentimita 4, kuwerenga 5 kumakweza yankho ndi magawo 12 pa 100. Chida chomwecho chimene masana chinali chokhulupirika, usiku anthu akatseka mipopi chimasanduka chongopeka. Mwa ichi akatswiri amati chida chotere, chokhala ndi choyezera pulesha chimodzi, chidaliridwe kuchokera pa mulingo wake wapamwamba kutsika mpaka gawo limodzi mwa atatu kapena anayi basi. Wogula chida chachikulu kwambiri poganizira kuti tauni idzakula amakhala zaka zambiri akuwerenga m'chigawo chosadalirikacho.

Masamu amakhulupiriranso kuti khosi likadali mamilimita 100. Madzi a dzimbiri kapena a laimu akasiya chikhakha cha mamilimita 2 kuzungulira khosi, kukula kwake kumatsala 96. Madzi omwe aja ayenera kuthamanga kwambiri kuti adutse, pulesha imatsika mopitirira, ndipo chida chimanena malita ochuluka ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 kuposa amene adutsadi. Pa malita 127,000 pa ola, amenewo ndi malita oposa 10,000 amene alembedwa m'buku koma sanafike kwa munthu aliyense. Woyang'anira angathe miyezi akusakasaka paipi yophulika kapena anthu oba madzi, pamene wakubayo ndi chikhakha. Mbale yoboola imalakwira mbali inayo: mchenga ukadya mkombero wake wakuthwa, madzi amadutsa mosavuta ndipo chida chimanena ochepa.

Malo oika chidacho nawo ndi nkhani. Madzi otuluka pa kona kapena pa valavu yotseka theka amabwera atapendekera mbali imodzi, nthawi zina akuzungulira ngati kamvuluvulu, pomwe chokonzera chija chinapezeka ndi madzi oyenda mwadongosolo. N'chifukwa chake malamulo a kapangidwe ka zidazi amafuna paipi yowongoka patsogolo pake. Kwa mbale yoboola utali wake umatha kukhala kuchulukitsa kukula kwa paipi ka 10 mpaka ka 40, malinga ndi chimene chili kumbuyoko. Venturi amafuna wocheperapo. Ndipo khosi likakhala laling'ono kwambiri poyerekeza ndi pulesha ya m'paipi, pulesha ya pakhosi imatsika mpaka madzi ozizira kuyamba kuwira. Timathovu timene timabadwa pamenepo timaphwanyika kutsogolo n'kumaguguda chitsulo, ndipo phokoso lake limamveka ngati m'paipi mukudutsa timiyala.

Koma zolakwa zambiri sizichitikira m'chida chachikulucho. Zimachitikira m'timachubu tiwiri towonda totenga pulesha kuchoka pa mabowo kupita ku choyezera, monganso zinalili pa ndege ya ku Puerto Plata. Matope akatseka kamodzi, nambala imachedwa kusintha kapena imaima ngakhale pampu itazimitsidwa. Thovu la mpweya likakodwa m'kachubu koimirira, limatenga malo a madzi, ndipo thovu lotalika masentimita 3 limanamiza choyezera ndi masentimita 3. N'chifukwa chake pa paipi ya madzi mabowo amabooledwa m'mbali, osati pamwamba pamene pamasonkhana mpweya kapena pansi pamene pamakhala matope, ndipo choyezera chimaikidwa munsi mwa paipi kuti mathovu azikwera okha kubwerera kumene anachokera.

Mmisiri wodziwa ntchito akakayikira nambala amayamba ndi zosavuta. Pakati pa timachubu tiwirito pamakhala kavalavu kotilumikiza. Amatseka mbali imodzi, n'kutsegula kavalavuko kuti mbali zonse za choyezera zimve pulesha imodzi. Nambala iyenera kugwa pa ziro. Ikakana, vuto lili m'choyezera. Ikagwa, amatsegula potulutsira mpweya mpaka madzi atuluke osalavula, n'kutsuka timachubuto. Zikapitirirabe amapita ku thanki. Amatseka potulukira, n'kulemba pamene madzi alekeza, kenako amapopa kwa ola lathunthu. Thanki yozungulira ya mamita 10 kukula kwake imalandira malita 78,500 pa mita iliyonse imene madzi akwera, choncho ngati chida chikunena zoona za malita 127,000, madzi ayenera kukwera mita imodzi ndi masentimita 62. Akakwera mita imodzi ndi masentimita 48 okha, mmisiriyo amakonza tsiku lozimitsa pampu, n'kumasula mabawuti kuti ayeze khosi.